Ntchito Yachuluka, Malipiro Ali Pomwepo: Imelo Yopita kwa Abwana

M'maofesi ambiri ntchito ya munthu siikula ndi kalata. Mnzake akasiya ntchito, kapena kampani ikatsegula nthambi ina, abwana amangoima pakhomo n'kunena kuti, "Mugwirizire kaye mpaka tipeze wina." Mwezi umatha, unzake n'kutsatira, winayo osabwera. Chaka chikamatha wogwirizira uja ndiye wasanduka mwini ntchito, koma pepala lake la malipiro likadali ndi nambala ija anasainira tsiku limene analembedwa. Ena amangong'ung'udzira mumtima, ena amadandaulira anzawo pa nkhomaliro, ndipo ochepa okha ndi amene amakhala pansi n'kulemba imelo yopempha kuti malipiro awo aunikidwenso. Mwa ochepawonso, alipo ambiri amene amalemba imelo yoti abwana sangathe kuchita nayo kanthu ngakhale mtima wofuna kuthandiza ali nawo.

Chifukwa chake n'chakuti imelo yotere siwerengedwa ndi munthu mmodzi. Bwana wa dipatimenti kawirikawiri alibe mphamvu yokweza malipiro payekha. Amaitumiza ku ofesi yoona za ogwira ntchito, akumenekonso amafunsa mkulu wa zachuma ngati ndalama zilipo, ndipo pena nkhaniyo imakafika kwa mkulu wa kampani kapena ku bodi. Anthu awiri kapena atatu amene adzagamule mwina sadziwa n'komwe kuti wolembayo amakhala desiki iti. Imelo yothandiza ndi imene bwana angaitumize momwe ilili, osawonjezerapo kanthu, n'kumveka bwino kwa munthu amene sanaonepo ntchitoyo ikugwiridwa.

Pamene ambiri amapunthwa ndi posakaniza nkhani ziwiri zosiyana. Yoyamba ndi kukwera mtengo kwa zinthu. Mu Novembala 2023 Banki Yaikulu ya dziko lino inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pafupifupi pa K1,180 kufika pa K1,700, ndipo kumayambiriro kwa 2024 mitengo inali itakwera ndi zoposa 30 peresenti poyerekeza ndi chaka chapitacho. Boma nalo linakweza malipiro otsikitsitsa ovomerezeka kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 pamwezi mu Febuluwale 2024. Ululu umenewu ndi weniweni, ndipo n'zomveka kuti munthu akayamba kulemba, dzanja limathamangira ku lendi, fizi ya ana ndi mtengo wa chimanga. Vuto n'lakuti lendi yakwerera aliyense pakampanipo, kuyambira mlonda mpaka abwana amene akuwerenga imeloyo. Kampani ikafuna kuyankha dandaulo la mtundu umenewu imakweza malipiro a onse nthawi imodzi, ndipo ngati inachita kale zimenezo mu Januwale, yankho lili pakamwa: "Tinakweza kale."

Nkhani yachiwiri ndi kukula kwa ntchito, ndipo iyi ndi ya munthu mmodzi. Imanena kuti ntchito imene kampani inaikira mtengo pa tsiku lolemba munthuyo si imene akugwira lero. Yankho la "tinakweza kale" silikhudza mfundo imeneyi, chifukwa chimene chinakwezedwa ndi mtengo wa ntchito yakale ija.

Komabe si kuchuluka kulikonse kwa ntchito kumene kumasuntha malipiro. Makampani ambiri a kuno kummwera kwa Africa amagawa magiredi potsatira njira ya Paterson, yomwe anakonza ndi Pulofesa Thomas Paterson wa ku Scotland. Njirayi imaika ntchito m'magulu asanu ndi limodzi, kuyambira A mpaka F, ndipo muyeso wake ndi mtundu wa ziganizo zimene munthu amapanga pa ntchito yake. Mu gulu A muli ntchito zimene munthu amachita zomwe wauzidwa basi, pomwe mu F muli akuluakulu okhazikitsa mfundo zoyendetsera kampani yonse. Pa muyeso wotere, kalaliki amene ankalowetsa mainvoisi 200 pamwezi ndipo tsopano akulowetsa 350 watopa ndithu, koma giredi yake siinasinthe, chifukwa ziganizo zake ndi zomwe zija. Chimene angapemphe ameneyo ndi ovataimu kapena womuthandiza. Lamulo la zantchito la m'chaka cha 2000 limati maola ogwira ntchito asapitirire 48 pasabata, ndipo ola la ovataimu pa tsiku wamba lilipidwe mtengo wa ola limodzi ndi theka. Koma kalaliki amene wayamba kusainira zinthu zimene kale ankasainira wina, kuyang'anira anthu, kapena kuyankha mlandu zinthu zikalakwika, ameneyo ntchito yake yakwera msinkhu. Imelo yake iyenera kuonetsa kukwera kumeneko.

Tiyerekeze mayi wina wogwira ntchito ngati kalaliki wa maakaunti pa kampani yogulitsa zipangizo zomangira nyumba ku Limbe. Mayiyu ndi wongoyerekezera, ndipo manambala ake aikidwa pofuna kuonetsa kawerengedwe kake. Amalandira K600,000 pamwezi msonkho usanachotsedwe. Pepala lofotokoza ntchito yake, limene anasainira mu 2022, limatchula zinthu zitatu: kulowetsa mainvoisi m'kompyuta, kusunga ndalama zogulira zinthu zing'onozing'ono za mu ofesi, ndi kufananitsa mabuku a kampani ndi sitetimenti ya ku banki. Kumapeto kwa Febuluwale 2024, bambo amene ankakonza malipiro a ogwira ntchito ndi kuona za misonkho anapeza ntchito kwina. Kuyambira pa 1 Malichi mayi uja ndiye amakonza malipiro a anthu 46, kutumiza msonkho wa pa malipiro ku MRA pasanapitirire pa 14 mwezi uliwonse, kutumiza mafomu a VAT pasanapitirire pa 25, ndi kupereka ndalama za penshoni. Kuwonjezera apo anamupatsa ophunzira ntchito awiri kuti aziwayang'anira.

Choyamba chimene mayiyu ayenera kuchita si kulemba imelo ayi. Ayenera kutulutsa pepala lija la 2022 n'kuliika pambali pa mndandanda wa zimene akuchita lero. Lamulo la zantchito limalamula wolemba anthu ntchito kupereka chikalata chonena mtundu wa ntchito, malipiro ndi maola ake, choncho amene alibe pepala lotere ali ndi ufulu wolipempha ku ofesi yoona za ogwira ntchito. Pa ntchito iliyonse yatsopano mayiyu alembe zinthu zitatu: tsiku limene anaiyamba, amene anamutuma, ndi chimene chingachitike italakwika. Chachitatuchi ndicho chimapatsa ntchito kulemera. Invoisi ikalowetsedwa molakwika imakonzedwa mawa lake, koma msonkho ukachedwa kupita ku MRA kampani imalipira chindapusa, ndipo malipiro a anthu 46 akachedwa ndi masiku awiri okha, m'sitolo monse mumayaka moto.

Pali chiganizo china chimene chimapezeka kumapeto kwa pafupifupi pepala lililonse lofotokoza ntchito, chonena kuti wogwira ntchito adzachitanso ntchito ina iliyonse imene angapatsidwe nthawi ndi nthawi. Mabwana amachikonda chiganizochi, ndipo ndicho chishango chawo choyamba. Njira yochidutsira si kukangana pa tanthauzo lake koma kuonetsa nthawi. Mayi wathu atenge milungu inayi, kuti agwire mwezi wathunthu ndi chipwirikiti chake chakumapeto, azilemba m'kope maola amene ntchito zatsopano zikumudyera tsiku lililonse. Tinene kuti wapeza maola 56 mwa maola 160 a mweziwo. Imeneyo ndi 35 peresenti ya nthawi yake. Ntchito imene ikutenga gawo loposa limodzi mwa magawo atatu a mwezi, mwezi ndi mwezi kwa miyezi isanu ndi iwiri, palibe amene angaitchule kuti ndi ya "nthawi ndi nthawi" nkhope ili gwa.

Kenako pabwera funso limene ambiri amaliopa: apemphe zingati? Mwambo wathu sukonda kuti wamng'ono atchule mtengo pamaso pa wamkulu, ndipo maimelo ambiri amathera pa mawu akuti "chonde mundiganizireko." Kumuganizira munthu kungathe kukhala K20,000, ndipo wopempha sangadandaule chifukwa sananene chimene amafuna. Kafukufuku amene Adam Galinsky ndi Thomas Mussweiler anafalitsa mu 2001 anaonetsa kuti pokambirana za mtengo, nambala imene yatchulidwa koyamba imakokera mgwirizano womaliza kufupi ndi iyo. Aliyense amene ananenererapo mtengo wa kaunjika pa msika wa Limbe amadziwa kale zimenezi. Nambalayo iyenera kungokhala ndi pochokera.

Njira imodzi yosavuta ndi iyi. Mayiyu afufuze malipiro a ntchito imene akugwirizirayo m'makampani a msinkhu wofanana, pofunsa anzake a ntchito ya maakaunti amene ali kwina ndi poona zotsatsa ntchito zimene zimatchula malipiro. Tinene kuti wapeza kuti ndi pafupifupi K950,000. Kusiyana kwake ndi K600,000 yake ndi K350,000. Popeza ntchito yapamwambayo ikumutengera 35 peresenti ya nthawi yake, atenge 35 peresenti ya kusiyanako, yomwe ndi K122,500. Apa ndi pamene pachokera pempho la K720,000, kapena kuti kukweza ndi 20 peresenti. Kawerengedwe aka si lamulo, ndipo a ofesi yoona za ogwira ntchito angathe kukhala ndi kawo, koma kamapatsa munthu choyankha akafunsidwa kuti, "Nambala imeneyi mwaitenga kuti?"

Apa pali msampha umene mayiyu ayenera kuulumpha mosamala kwambiri. Popeza ndiye amakonza malipiro, akudziwa ndendende zimene bambo anachoka uja ankalandira, komanso zimene wina aliyense pakampanipo amalandira. Zimenezi anazidziwa chifukwa chokhulupiriridwa, ndipo kuzilemba mu imelo yodzipemphera yekha ndi kuswa chinsinsi cha ntchito. Imelo yopempha malipiro ingathe kubweretsa kalata yomuitanira ku bwalo la mwambo wa pantchito. Chimene angalembe popanda vuto n'chakuti mpandowo ulibe munthu kuyambira mu Malichi. Abwana amadziwa okha mtengo wa mpandowo ndipo masamu adzapanga okha. Ngakhale kwa munthu amene sagwira za malipiro, chiganizo chakuti "auje amalandira zakutizakuti chonsecho ine ndimagwira ntchito kuposa iwo" chimasokoneza nkhani. Abwana amasiya kuganizira za ntchito ya wolembayo n'kuyamba kufufuza amene anaulula.

Zonsezi zikakonzeka, imeloyo imalembeka m'mphindi zochepa. M'maofesi ambiri a m'tauni imalembedwa m'Chingerezi, koma mafupa ake ndi omwewa m'chinenero chilichonse. Pa mzere wa mutu, pomwe pa kompyuta pamalembedwa kuti `Subject`, payenera kukhala mawu osabisa nkhani, monga "Pempho lounikanso malipiro: kalaliki wa maakaunti." Mutu wongoti "Pempho" kapena "Nkhani yofunika" umachititsa abwana kutsegula imeloyo ali pakati pa msonkhano, n'kuitseka, n'kuiwala. Ya mayi wathu, yotumizidwa Lolemba pa 7 Okutobala 2024, ingamveke motere:

"Okondedwa bwana,

Ndikulemba kupempha kuti malipiro anga aunikidwenso potengera maudindo amene ndawonjezeredwa kuyambira pa 1 Malichi 2024.

Pepala lofotokoza ntchito yanga la 2022 limatchula kulowetsa mainvoisi, kusunga ndalama zing'onozing'ono za mu ofesi ndi kufananitsa mabuku ndi banki. Zonsezi ndikuchitabe. Kuwonjezera apo, monga munandipemphera mpando wa wokonza malipiro utatsala wopanda munthu, ndakonza malipiro a anthu 46 kwa miyezi isanu ndi iwiri, ndipo mwezi uliwonse atuluka pa tsiku lake. Msonkho wa pa malipiro, VAT ndi penshoni zapita nthawi yake popanda chindapusa chilichonse. Ndikuyang'aniranso ophunzira ntchito awiri. Nditawerengera mwezi wa Seputembala, ntchito zimenezi zinatenga maola 56 mwa maola 160, ndipo tsatanetsatane wake ndaphatikiza pa imeloyi.

Ntchitozi ndikuzikonda ndipo ndine wokonzeka kuzipitiriza. Pempho langa n'lakuti zilembedwe m'pepala la ntchito yanga, giredi yanga iunikidwenso, ndipo malipiro anga achoke pa K600,000 kufika pa K720,000 kuyambira pa 1 Januwale 2025. Ndingakondenso titakambirana za alawansi ya miyezi imene ndagwirizira.

Kodi mungandipatseko mphindi 30 tsiku lililonse limene muli ndi mpata pasanafike pa 18 Okutobala, bajeti ya chaka chamawa isanatsekedwe?

Zikomo kwambiri,
Ine wanu."

Chiganizo choyamba chanena kale chimene mayiyu akufuna. Izi zingaoneke ngati kupanda ulemu kwa munthu wozolowera kuyamba ndi moni wautali, kufunsa za kunyumba, kenako kuzungulira mpaka nkhani itatulukira mu ndime yachinayi. Ulemu wotere uli ndi malo ake, ndipo malowo ndi pakamwa. N'chinthu chanzeru kuti mayiyu, asanatumize imelo, agogode kwa abwana n'kunena kuti, "Bwana, pali nkhani ya ntchito yanga imene ndikufuna ndikulembereni, kuti mukhale nayo m'manja tisanakambirane." Mabwana ambiri sakonda kudzidzimutsidwa ndi kalata yochokera kwa munthu amene amakumana naye m'khonde tsiku lililonse. Koma imeloyo ikakafika kwa mkulu wa zachuma, amene ali ndi maimelo ena ambirimbiri, moni wautali umangomuchedwetsa kupeza nkhani.

Mawu akuti "monga munandipemphera" ndi ang'onoang'ono koma akugwira ntchito yaikulu. Akusandutsa lamulo lapakamwa lija kukhala lolembedwa. Abwana akapanda kuwatsutsa, ndiye kuti pali umboni woti mayiyu sanalande ntchito ya mwini koma anatumidwa. Chimodzimodzinso chiganizo chakuti "zonsezi ndikuchitabe" chikutseka njira yothawira yonena kuti ntchito yatsopano inangolowa m'malo mwa yakale.

Zimene mulibe mu imeloyi n'zofunikanso. Mulibe lendi, mulibe mawu akuti "ndimagwira ntchito molimbika," chifukwa palibe amene amalemba kuti ndi waulesi, ndipo mulibe kuopseza kuti achoka. Kuopsezaku kumagwira ntchito pokhapokha munthu ali ndi kalata yeniyeni ya ntchito ina ndipo ali wokonzeka kupita. Amene amaopseza alibe kopita amakhala pa mavuto abwana akangoyankha kuti, "Tikufunirani zabwino zonse." Ngakhale akamukwezera chifukwa cha mantha, kampani imayamba mwakachetechete kuphunzitsa wina ntchito yake. Pa mzere wa `Cc` pasaikidwenso dzina la bwana wa abwanawo. Kuchita zimenezo pa imelo yoyamba kuli ngati kukasuma kwa gulupu, nyakwawa asanamve n'komwe mlanduwo. Ndipo nkhani yotere isapite pa WhatsApp, pomwe imamira pakati pa mauthenga a maliro ndi a zikwati, komanso sioneka ngati chikalata choti n'kuikidwa mufayilo.

Tsiku lotumizira nalo lasankhidwa dala. Kampani imene chaka chake cha zachuma chimatha mu Disembala imakonza bajeti m'miyezi yomaliza ya chaka, ndipo pempho lofika mu Febuluwale limapeza ndalama zagawidwa kale. Bwana akayankha pa nthawi imeneyo kuti "sizili mu bajeti" nthawi zambiri amakhala akunena zoona. Chaka cha boma chimayamba pa 1 Epulo, ndipo mabungwe ena amatsatira chimenecho, choncho munthu ayenera kudziwa kalendala ya pamalo pake. Mkati mwa mwezi namo muli masiku oipa. Mu ofesi ya maakaunti, imelo yofika pa 28 pamene aliyense akuthamanga ndi malipiro siwerengedwa ndi mtima wodekha.

Pali malo ena kumene imelo yotere ilibe mphamvu kwenikweni. M'boma malipiro amayendera giredi, ndipo mkulu wa dipatimenti sangawonjezere munthu mmodzi ndalama chifukwa wamulembera bwino. Chimene wogwira ntchito m'boma angapemphe ndi kalata yomuika mwalamulo kukhala wogwirizira mpando, yomwe imatsegula njira ya alawansi, kapena kudikira mafunso okwezera pa udindo. M'mabungwe othandizidwa ndi ndalama zakunja, malipiro amakhala olembedwa kale m'bajeti ya polojekiti, ndipo nthawi yabwino ndi pamene bajetiyo ikukonzedwanso kapena kontirakiti ikuwonjezeredwa. Pomwe pali bungwe la ogwira ntchito lomwe linasainirana mgwirizano wa malipiro ndi kampani, pempho loyenera ndi lounikanso giredi ya ntchitoyo, chifukwa ndalama ya giredi iliyonse inagwirizanidwa kale.

Pa msonkhano uja wa mphindi 30, mayiyu apite akudziwa masamu a mbali zonse ziwiri. Kwa kampani, K120,000 yowonjezera si yokhayo. Lamulo la penshoni limati wolemba ntchito apereke 10 peresenti ndipo wogwira ntchito 5 peresenti, komanso pali 1 peresenti ya TEVETA. Choncho kampani idzawononga pafupifupi K133,200 pamwezi, kapena K1,598,400 pachaka. Nambalayi ingaoneke yaikulu mpaka itaikidwa pambali pa mtengo wolemba munthu watsopano wa K950,000, amene ndi zowonjezera zomwezo angadye zoposa K1 miliyoni mwezi uliwonse. Kwa mayiyu, K120,000 siifika yonse m'thumba. M'chaka cha boma cha 2024/25, gawo la malipiro loyambira pamwamba pa K500,000 mpaka K2,550,000 linkadulidwa msonkho wa 30 peresenti. Pa K120,000 msonkho utenga K36,000, penshoni K6,000, n'kutsala pafupifupi K78,000. Amene sanawerengere izi amavomera nambala imene ikumveka bwino mu ofesi ya abwana, n'kukakhumudwa pa makina otapira ndalama kumapeto kwa mwezi.

Mayankho amene angabwere ndi ochepa. Ngati ndi "inde," mayiyu athokoze n'kupempha kalata yonena malipiro atsopano ndi tsiku loyambira, chifukwa bwana amene walonjeza pakamwa angathe kusamutsidwa mwezi wamawa, wolowa m'malo mwake n'kunena kuti sakudziwapo kanthu. Ngati ndi "tikupatsani alawansi ya K120,000, koma malipiro akhale omwewo," ayenera kuzindikira kusiyana kwake. Alawansi yogwirizira imatha tsiku limene mpandowo wapeza mwini, ndipo m'malo ambiri mapesenti okweza malipiro chaka ndi chaka amawerengedwa pa malipiro okhazikika, osati pa alawansi. Ndi yabwino kuposa kutuluka chimanjamanja, ndipo pa miyezi yapitayo ndiyo njira yoyenera, koma afunse kuti idzakhalapo mpaka liti komanso ngati penshoni idzawerengedwa pamenepo.

Yankho lovuta kwambiri ndi lakuti "tiona." Pali "tiona" weniweni ndi "tiona" wothamangitsira munthu, ndipo amasiyanitsidwa ndi zinthu ziwiri: dzina ndi tsiku. Bwana amene akunena zoona amatha kutchula amene akaonane naye ndi nthawi imene yankho lidzabwere, monga kuti akalankhula ndi mkulu wa zachuma bodi isanakumane mu Novembala. Amene sakutchula chilichonse mwa ziwirizi afunsidwe mwaulemu kuti, "Bwana, ndidzakukumbutseni liti?" Tsiku lomwelo mayiyu alembe imelo ya mizere itatu yothokoza ndi kubwereza zimene agwirizana, kuti msonkhanowo usangothera m'malere.

Ngati yankho ndi "ayi, ndalama palibe," nkhani siinathe. Pali zinthu zina zimene sizidya bajeti ya chaka chino. Dzina la udindo lingasinthidwe kuchoka pa kalaliki kufika pa wothandizira akauntanti, ndipo dzinalo lidzamugulitsa bwino tsiku limene adzafunsire ntchito kwina. Kampani ingamulipirire mayeso a bungwe la akauntanti la ICAM. Angagwirizane tsiku lenileni, lolembedwa, lodzaunikiranso nkhaniyo pakatha miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi. Ndipo ngati zonsezi zakanidwa, patsala funso limene ambiri amachita nalo mantha chonsecho ndi loyenera: popeza kampani singathe kulipira ntchito zowonjezerazi, ndi ziti mwa izo zimene zipatsidwe kwa wina? Funsoli lifunsidwe ngati lofuna malangizo, osati ngati kunyanyala, chifukwa kungosiya dala ntchito imene munthu watumidwa kungamuike pa mlandu wa kusamvera.

Nanga malamulo akuti chiyani? Palibe lamulo lokakamiza kampani kukweza malipiro a munthu chifukwa chakuti wapempha, bola ngati sakulandira zochepera malipiro otsikitsitsa ovomerezeka. Chimene chilipo ndi gawo 31 la malamulo oyendetsera dziko, lomwe limapatsa aliyense ufulu wolandira malipiro oyenera, ndi gawo 6 la lamulo la zantchito, lomwe limati ntchito zolemera mofanana zilipidwe mofanana popanda tsankho la mtundu, chipembedzo, kapena loti uyu ndi mwamuna uyu ndi mkazi. Gawo 57 la lamulo lomwelo limati munthu sangachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka chokhudza luso lake, khalidwe lake kapena zosowa za kampani, ndipo kupempha mwaulemu kuti malipiro aunikidwe sikugwera m'gulu lililonse mwa atatuwa. Magawo amenewa asalembedwe mu imelo yoyamba, chifukwa bwana akaona nambala ya gawo la lamulo amasiya kuyankha yekha n'kuitana loya. Ntchito yawo imabwera pamene zinthu zafika poipa, monga munthu akayamba kuzunzidwa kapena akachotsedwa atangopempha. Pamenepo njira imadzera ku ofesi ya zantchito ya m'boma lake, ndipo zikakanika kumeneko, ku khoti loona milandu ya zantchito, lomwe lili ndi maofesi ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu.

Kumeneko amafunsa mapepala, ndipo akaunti ya imelo ya kampani imatsekedwa tsiku limene munthu wachoka. N'chifukwa chake mayiyu ayenera kusindikiza imelo yake, yankho la abwana ndi pepala lija la 2022, n'kuzisunga kunyumba. Zosunga zikhale zokhudza iye yekha: mndandanda wa malipiro a anthu 46 aja ndi katundu wa kampani ndipo usatuluke mu ofesi.

Pa 18 Okutobala pakadutsa popanda yankho lililonse, mayiyu asayambe imelo yatsopano. Atsegule yomwe ija, adine `Reply` kuti zonse zikhale pa ulusi umodzi, n'kulemba ziganizo ziwiri zokumbutsa ndi kutchula masiku awiri amene ali ndi mpata sabata yotsatira. Chikumbutso chachiwiri chikapitanso pachabe, ndi pamene angauze abwana pamaso kuti akufuna kukafunsa ku ofesi yoona za ogwira ntchito za ndondomeko younikira giredi, kenako n'kulembera ofesiyo, dzina la abwanawo lili pa `Cc`.